Nkhwazi Pamkono: Zimene Chithunzi Chimanena ndi Zimene Chimabisa Posankha Malo a Tatuu

Wojambula tatuu wodziwa ntchito yake akalandira uthenga pa WhatsApp woti "ndikufuna nkhwazi pamkono", sathamangira kutchula mtengo. Choyamba amapempha zithunzi za mkonowo. Nthawi zambiri chimene chimabwera ndi selefi imodzi yojambulidwa m'chipinda cha mdima, mkono utapindidwa kuti mnofu utukumuke, foni ili pafupi ngati ikufuna kununkhiza khungu. Chithunzi chotere amachibweza, ndipo amalondola. Inki ya tatuu imalowa mamilimita 1 mpaka 2 pansi pa khungu n'kukhazikika pomwepo kwa moyo wonse, choncho malo akalakwika palibe chofufutira chapafupi. Kuchotsa ndi makina a leza n'kodula, kumafuna maulendo angapo, ndipo pakhungu lakuda kumatha kusiya mawanga.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu imachitika singano isanakhudze munthu. Wojambula amayang'ana chithunzi cha thupi, kuyeza kukula kwa chiwalo china poyerekeza ndi chinzake, n'kuona pamene chojambulacho chingakhale bwino. Njirayi imathandiza kwambiri. Koma chithunzi chili ndi mabodza ake, ndipo amene sawadziwa amamaliza ndi nkhwazi ya mapiko othyoka.

Muyeso umene ojambula amayambira ndi mutu. Munthu wamkulu amatalika pafupifupi mitu yake 7 ndi theka, kuyeza kuyambira pachibwano kufika pamwamba pa mutu. Wamtali masentimita 170 amakhala ndi mutu wa masentimita pafupifupi 22 kapena 23. Palinso miyeso ina imene aphunzitsi a zojambulajambula akhala akuphunzitsa kwa zaka mazana ambiri: munthu akatambasula manja, kuchoka kunsonga ya chala kufika kunsonga inayo kumafanana ndi msinkhu wake, dzanja limatalika ngati nkhope kuchoka pachibwano kufika pamene tsitsi layambira, phazi limafanana ndi mkono kuchoka pachigongono kufika pamene pamakhala wotchi. Leonardo da Vinci anajambula ina mwa miyeso imeneyi cha m'ma 1490 m'chithunzi chake chotchuka cha munthu wotambasula manja ndi miyendo, potsatira zimene analemba mmisiri wa zomangamanga wa ku Roma, Vitruvius.

Phindu la miyesoyi kwa wojambula tatuu si kuti thupi lililonse limaitsatira. Ambiri amapatuka. Wina miyendo ndi yaitali, thunthu lalifupi. Wina mapewa ndi otakata koma mikono ndi yowonda. Kupatukako ndi kumene wojambula amafuna kuona. Akadziwa kuti mkono wa munthu uyu ndi waufupi poyerekeza ndi mutu wake, amadziwiratu kuti chojambula chimene chinakhala bwino pamkono wa wosewera mpira wina wa pa Instagram chidzadzaza mkono wonse apa n'kusefukira. Anthu ambiri amabwera ndi chithunzi cha tatuu ya pathupi la munthu wina, osazindikira kuti chimene chawakopa ndi mmene tatuuyo yagwirizanira ndi thupi limenelo.

Bodza loyamba la chithunzi limachokera ku mtunda. Chinthu chimene chili pafupi ndi kamera chimakula, chakutali chimachepa, ndipo kusiyanako kumakhala kwakukulu kamera ikayandikira. Mu 2018 madokotala a opaleshoni ya nkhope a pa yunivesite ya Rutgers ku America anawerengera kuti chithunzi chojambulidwa pa mtunda wa masentimita 30 chimakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi chojambulidwa pa mita imodzi ndi theka. Zimene zimachitikira mphuno zimachitikiranso mkono. Munthu akaloza mkono ku foni, dzanja lili pa masentimita 30 pamene chigongono chili pa masentimita 55, mbali ya kudzanja imaoneka yokulirapo pafupifupi kawiri kuposa mmene iyenera kuonekera poyerekeza ndi ya kuchigongono. Wojambulayo akabwerera m'mbuyo n'kuima pa mamita 2, kusiyanako kumatsika kufika pa 12 peresenti basi. Mkonowo ukangolendewera m'mbali, osaloza ku kamera, kumatsikanso kwambiri.

Ndiye chithunzi chothandiza chimajambulidwa ndi munthu wina, ataima mamita 2 kapena 3, n'kukokera chithunzicho pafupi ndi batani la `2x` ngati foni ili nalo. Batani la `0.5x` ndi loipitsitsa pa ntchito imeneyi chifukwa limakoka zinthu za m'mphepete. Foni iyenera kukhala yowongoka, pa msinkhu wa chiwalo chimene chikujambulidwa. Ikakhala m'mwamba, mapewa amatakata miyendo n'kufupika. Ikakhala m'munsi, ntchafu zimakula mutu n'kuchepa. Kuwala kwabwino ndi kwa masana pamthunzi, mwachitsanzo pakhonde, chifukwa kumaonetsa mmene minofu yayendera popanda kung'anima. Ndipo sichikhala chimodzi ayi: chakutsogolo, cham'mbali, chakumbuyo, komanso china chosonyeza thupi lonse, pakuti tatuu imaonedwa pamodzi ndi munthu yense.

Kanthu kena kakang'ono kamene kasokonezapo anthu ambiri ndi kalilole. Chithunzi cha pagalasi chimatembenuza zinthu, ndipo kamera yakutsogolo ya mafoni ambiri imachitanso chimodzimodzi. Wojambula amakonza chojambula cha mkono wamanja, mwini wake n'kufika atapinda malaya a mkono wamanzere. Kwa duwa si vuto lalikulu. Kwa mbalame kapena nkhope ya munthu ndi vuto, popeza mwambo wa ntchitoyi ndi woti nkhope iziyang'ana kutsogolo kumene mwini wake akupita, kapena chapakati pa thupi. Nkhwazi yoyang'ana kumbuyo imaoneka ngati ikuthawa mwini wake.

Chithunzi sichinena kukula kwa chinthu pachokha, choncho payenera kukhala choyezera. Tepi ya telala itagonekedwa pakhungu ndiyo yabwino. Ikasowa, khadi ya ku banki imagwira ntchito, chifukwa makhadi onse oterewa ndi a masentimita 8.56 m'litali ndi 5.4 m'lifupi, chofunika n'kuphimba manambala ake chithunzi chisanatumizidwe. Khadiyo iyenera kukhudza khungu. Ikagwiridwa patsogolo pa mkono, imakula pachithunzi ndipo masamu onse amasokonekera.

Tsopano nkhwazi ija. Tinene kuti amene akuifuna ndi mnyamata wogwira ntchito ya mu ofesi, ndipo akufuna mbalameyo itatambasula mapiko kunja kwa mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja. Tepi ikuonetsa kuti malowo ndi masentimita 25 m'litali. Pamene mkono wanenepa kwambiri, chakufupi ndi chigongono, tepi ikuzungulira masentimita 27. Pamene pamakhala wotchi ikuzungulira 17. Chithunzi chasindikizidwa papepala, ndipo khadi ija ikuoneka ya masentimita 4.3, kusonyeza kuti sentimita imodzi yapapepala ikuimira awiri apathupi. Mnyamatayo wajambulapo nkhwazi yake ndi pensulo, mapiko atatambalala masentimita 4 papepala, ndiye kuti 8 pamkono. Papepalapo zakwana bwinobwino, mpaka patsala kampata mbali zonse.

Apa ndi pamene pali bodza lachiwiri, lomwe ndi lalikulu kuposa onse. Chithunzi n'chafulati koma mkono ndi wobulungira. Aliyense amene anaonapo chitenje chokhala ndi nkhope ya munthu amadziwa zimenezi: chikayalidwa pachingwe nkhope imaoneka yonse, koma mayi akachivala, tsaya limodzi limazembera kumbuyo. Mkono wozungulira masentimita 27 umaoneka pachithunzi wotakata masentimita pafupifupi 8.6, pamene khungu limene likuonekalo ndi theka la kuzungulira konse, masentimita 13.5. Khungu lokwana pafupifupi masentimita 5 ladzipanikiza m'mphepete, kumene mkono ukukhotera. Zotsatira zake n'zakuti pepala la masentimita 8 likamatidwa pamkonowo, woyang'ana kutsogolo amaona masentimita 7 okha. Kuti nkhwaziyo ioneke yotakata masentimita 8 monga mmene mnyamata anajambulira, pafunika chojambula choposa masentimita 10, ndipo nthenga za kunsonga kwa mapiko, zimene zimachititsa nkhwazi kukhala nkhwazi, zidzakhala zitapanikizana m'mphepete moti sizidzawerengeka.

Mkono weniweni si wobulungira ndendende, ndi wophwatalala pang'ono, choncho manambalawa amasintha pang'ono kwa munthu aliyense. Koma njira yosavuta yopewera vutoli n'kusunga mbali yofunika ya chojambula m'kati mwa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuzungulira kwa chiwalo. Kwa mnyamatayu ndi masentimita 9 chakumtunda, ndi ochepera 6 chakudzanja. Mitambo, madzi, masamba ndi mithunzi zikhoza kuzungulira mmene zingafunire, ndipo zimakongoletsa zikatero. Nkhope, maso ndi zilembo ayi.

Masamu amenewa akusonyezanso kuti mkono umaonda popita kudzanja. Ndi chifukwa chake tatuu yooneka yosavuta, ya mzere wozungulira mkono ngati chibangili, ili m'gulu la zovuta kwambiri kuika. Kapepala kowongoka kakakulungidwa pa chiwalo choonda mbali imodzi, nsonga zake sizikumana pamzere umodzi, zimapatuka. Wojambula amayenera kukakhotetsa kapepalako, kapena kulemba mzerewo pakhungu pomwepo ndi cholembera, munthu ataimirira.

Kwa mnyamata uja pali njira ziwiri. Yoyamba n'kusintha mbalame: nkhwazi yotera panthambi, mapiko atapinda, imene ndi yaitali koma yosatakata. Ikhoza kukhala masentimita 16 m'litali, 8 pachifuwa chakumtunda, n'kumaonda mpaka 5 kumchira, kutsatira mmene mkono waondera. Pamwamba patsala masentimita 4 kuti mutu usafike pakhungu lokwinyika la pachigongono, ndipo pansi patsala 5, moti malaya a manja aatali akamangidwa batani sipaoneka kanthu. Kwa munthu wa mu ofesi, kapena amene agogo ake sadzamvetsa, masentimita 5 amenewo si nkhani yaing'ono. Ngakhale ku Japan, kumene kuli mwambo wa tatuu zodzaza thupi lonse, amisiri amalekeza asanafike padzanja ndi pakhosi, ndipo ena amasiya mzere wopanda inki pakati pa chifuwa, kuti zovala zibise zonse.

Njira yachiwiri n'kusunga mapiko otambasula koma kusamutsa mbalameyo. Chithunzi cha thupi lonse chimathandiza apa, chifukwa chimaonetsa msanga malo otakata ndi afulati: kumsana chakumtunda, pachifuwa, kunja kwa ntchafu. Pamsana wotakata masentimita 40, mapiko a masentimita 28 kapena 30 amakwana n'kusiya mpata. Cholakwika chofala pamalo aakulu chonchi ndi chosiyana ndi cha pamkono: munthu amaopa ululu ndi mtengo, n'kupempha kambalame ka masentimita 6 pakati pa msana, kamene patali kamangooneka ngati banga. Kamawononganso malo, pakuti tsiku limene adzafune chachikulu, kakang'onoko kadzakhala katatsekereza pakati. Wojambula wabwino amafunsa ngati pali maganizo odzawonjezera zina m'tsogolo, ndipo funsoli si la malonda chabe.

Pojambula chinthu cha pakati pa msana kapena pachifuwa, amakoka mzere pachithunzi kutsatira fupa la msana kapena la pachifuwa, ndi wina wopingasa pamapewa. Pamenepo pamatuluka chinthu chimene ambiri sadziwa za matupi awo: phewa limodzi limakhala lotsikirapo kuposa linzake, kawirikawiri la mbali ya dzanja limene munthu amagwiritsa ntchito. Ndiye wojambula ayenera kusankha, mapiko alingane ndi pansi kapena alingane ndi mapewa? Nthawi zambiri kutsatira thupi kumapambana, chifukwa diso la woona limayerekeza tatuu ndi mapewa amene ali pomwepo, osati ndi simenti ya pansi.

Bodza lachitatu n'lakuti chithunzi chimaimitsa thupi limene siliima. M'munsi mwa chigongono muli mafupa awiri, ndipo munthu akatembenuza chikhatho kuchoka m'mwamba kuloza pansi, fupa la mbali ya chala chachikulu limadutsa pamwamba pa linzake. Khungu la kudzanja limatembenuka nalo limodzi, pamene la kuchigongono limangosuntha pang'ono. Mzere wowongoka wolembedwa chikhatho chili m'mwamba umapotoka chikhatho chikatembenuka. Aliyense angayese ndi bolopeni. Kumsana, mafupa afulati a kumapewa amatsetsereka munthu akakweza mikono, ndipo mapiko a nkhwazi amayenda nawo, chinthu chimene chimakongola ngati chinakonzedwa dala. Panthiti khungu limatambasuka munthu akagona chammbali mkono uli kumutu, mmene amagonera pojambulidwa, n'kubwerera akaimirira. Choncho pa zithunzi zija payenera kukhalanso cha mkono utapindidwa, cha chikhatho chili m'mwamba ndi chili pansi. Kavidiyo ka masekondi ochepa kamaposa zonsezi.

Palibe malo amene tatuu imawongoka m'maimidwe onse. Chimene amasankha ndi maimidwe amodzi amene idzakhala yowongoka, ndipo amenewo ndi a munthu ataimirira momasuka, manja ali m'mbali. M'maimidwe omwewo ndi mmene amasankhiranso kumwamba ndi kumunsi. Ambiri amafuna kuti tatuu ya pamkono iziwayang'ana iwo eni akakweza dzanja, koma zikatero wina aliyense amaiona chadodolido. Kwa mawu ochepa okumbukira mayi amene anatisiya, mwini wake ali ndi ufulu wonse wowatembenuzira kwa iye. Kwa mbalame, mutu woloza pansi umaoneka ngati yagwa.

Ojambula ambiri masiku ano amaika chojambula pamwamba pa chithunzi cha kasitomala pa tabuleti, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Procreate kapena Photoshop. Izi zimathandiza kuti awiriwo amvane msanga za kukula ndi malo. Koma zimanamizanso pa nkhani ya mitundu. Pa sikirini, chojambula chimakhala pamwamba pa khungu, chowala. Pathupi inki imakhala pansi pa khungu lakunja, limene ndilo lili ndi mtundu wa munthu, ndiye tatuu ikapola imaonedwa kudzera mu mtundu umenewo. Pakhungu lakuda, chikasu ndi mitundu yotuwa zimazimirira, mizere yopyapyala yoyandikana imasakanikirana. Kusintha chojambula pa pulogalamu kukhala `Multiply` kumapereka chithunzi chapafupi ndi choonadi. Izi zimakhudza malo mwachindunji: chojambula chofuna mizere yokhuthala ndi mipata yotakata chimafuna malo okulirapo, ndipo nthawi zina zimenezi zokha zimachisamutsa kuchoka padzanja kupita paphewa. Mkati mwa mkono, kumene dzuwa silifika kwambiri, khungu limakhala loyererapo ndipo zing'onozing'ono zimaoneka bwino. Kulikonse kumene ili, mizere imafalikira pang'ono zaka zikamapita, moti zilembo zazing'ono kwambiri monga a ndi e zimatsekeka mkati.

Pali zina zimene chithunzi chimaonetsa ngati woyang'anayo akudziwa chofuna. Timadontho takuda tobadwa nato satiphimba ndi inki, chifukwa kusintha kwa kadontho kotere ndi chizindikiro chimodzi cha khansa ya pakhungu ndipo dokotala ayenera kukaona. Amakonza chojambula kuti chikalambalale. Chipsera cha katemera wa BCG chakumtunda kwa mkono, mphini zakale zimene anatemera kwa sing'anga kapena za kudzikongoletsa, ndi mizere ya khungu lotambasuka, zonsezi zimalandira inki mosiyana ndi khungu losalala. Chofunika kwambiri ndi zipsera zotukumuka zimene madokotala amazitcha keloyidi, zija zimakula kupitirira bala lenilenilo, monga zimaonekera pamakutu a ena amene anaboola. Zimapezeka kwambiri mwa anthu akhungu lakuda, zimayenda m'magazi m'mabanja ena, ndipo zimakonda pachifuwa, pamapewa ndi kumsana chakumtunda. Awa ndi malo omwe aja amene chithunzi chinati ndi otakata ndi afulati. Mnyamata wa nkhwazi akakhala ndi chipsera chotere pena paliponse, njira yachiwiri ija yatsekeka, ndipo ngakhale yoyambayo ayambe wakambirana ndi dokotala.

Zimene chithunzi sichionetsa n'komwe ndi kupyapyala kwa khungu ndi mmene lidzasinthire. Pazala, m'chikhatho ndi m'mbali mwa phazi inki imafufutika msanga chifukwa khungu limakhuzika tsiku ndi tsiku. Pakhungu lopyapyala la mkati mwa dzanja, singano ikalowa mopitirira, inki imafalikira pansi n'kusiya kamthunzi kobiriwira kuzungulira mzere. Pamimba ndi m'chiuno pamasintha ndi pakati kapena kunenepa, pamene kunja kwa mkono ndi kukatumba sikusintha kwambiri.

Munthu angathe kuyesa yekha asanapite kwa wojambula. Asindikize chojambula pa kukula kwake kwenikweni, komanso china chokulirapo ndi china chocheperapo, adule m'mphepete, amate pakhungu ndi selotepi, n'kupempha mnzake amujambule ataima patali. Chithunzi chimenechi n'chodalirika kuposa cha pa tabuleti chifukwa pepala lakulungadi mkono. Pamene pepala lachita makwinya ndi pamene chojambulacho chidzavute.

Tsiku lojambula, wojambula amameta malowo, kupukuta, n'kuuza kasitomala kuti, "Tangoimani mmene mumaimira masiku onse, musaumitse mkono." Amalemba timizere tiwiri tosonyeza pakati, pamwamba ndi pansi, kenako amamata sitensulo, pepala losiya mizere yofiirira pakhungu. Akachotsa pepalalo, kasitomala amapita pagalasi lalitali, kupinda mkono, kutembenuza chikhatho, kuyenda pang'ono. Apanso amajambula chithunzi ali patali, chifukwa diso limene layang'anitsitsa pafupi kwa mphindi zingapo limasiya kuona kupendekeka, pamene pa sikirini yaing'ono ya foni kumaonekera nthawi yomweyo. Mlomo wa nkhwazi ukapezeka kuti ukuzembera m'mphepete, sitensuloyo amaipukuta ndi sipiriti, kudikira khungu liume, n'kuimatanso sentimita imodzi chamkati. Ojambula ambiri amabwereza zimenezi kawiri kapena katatu popanda kulipiritsa kanthu, ndipo pomaliza amaisiya iume kwa mphindi 10 kapena 15 asanayatse makina.